Peyisilipi, nambala ya abwana ndi chiphaso: pomwe mwininyumba wa pa Likoma ayenera kulekezera

Palibe lamulo m'Malawi muno lokakamiza mwininyumba kupereka makiyi kwa munthu yemwe sakumudziwa. Nyumba ndi katundu wake, ndipo gawo 28 la Malamulo Aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu pa katundu wake. Choncho akafunsa wofuna lendi kuti "ndinu ndani, mumagwira kuti, mudzakwanitsa kulipira?" sanalakwe. Koma malamulo omwewo, pa gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi cha moyo wake, ndipo gawo 15 limanena kuti maufulu amenewa ayenera kulemekezedwa ndi boma komanso ndi anthu wamba, pomwe nkhaniyo ikuwakhudza. Anthu awiri okhala pakhonde kukambirana za lendi aja, aliyense ali ndi gawo lake la lamulo lomuikira kumbuyo.

Pa Likoma nkhaniyi ili ndi mavuto akeake. Eni chilumbachi ambiri amakhala pamalo a makolo awo, ndiye ochita lendi kawirikawiri amakhala obwera: aphunzitsi, apolisi, anamwino a pa chipatala cha St Peter's, ogwira ntchito ku khonsolo, ogwira m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja. Chikhalireni boma palokha mu 1999, Likoma adalandira maofesi ambiri, ndipo nyumba za boma ndi za mishoni sizingakwanire onse. Mantha a mwininyumba ndi omveka. Munthu akakwera Ilala usiku ali ndi ngongole ya miyezi iwiri, kumulondola ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu kungadye ndalama zoposa ngongoleyo. Mantha a wobwerayo nawo ndi omveka. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 14,527 pa Likoma ndi Chizumulu pamodzi. Pamalo otere, zomwe zalembedwa pa peyisilipi ya aphunzitsi zikatuluka m'nyumba m'mawa, pofika madzulo zili pamsika wa Mbamba, ndipo makolo a ana omwe amawaphunzitsa azimva.

Pali mafunso atatu okha omwe mwininyumba akufunikiradi mayankho ake. Munthuyu ndi yemwe akunenadi kuti ndi iye? Ndalama zomwe amapeza zingakwanire lendi? Zinthu zikavuta, adzapezeka kuti? Chikalata chilichonse chomwe mwapempha chiyankhe limodzi mwa mafunso amenewa, ndipo chikayankha chibwerere kwa mwini wake. Funso lomwe silikulowa mu atatuwa ndi chidwi chabe, ngakhale mutalifunsa mwaulemu chotani.

Chiphaso cha unzika

Kuyambira kalembera wa unzika wa 2017, Mmalawi wa zaka 16 kapena kuposerapo amakhala ndi chiphaso chochokera ku National Registration Bureau, NRB. Chili ndi chithunzi, dzina lonse, tsiku lobadwa ndi nambala yake. Chifukwa chenicheni chochionera ndi ichi: mukadzafuna kukasuma ku bwalo la majisitireti pa nkhani ya lendi, samani imafuna dzina lenileni la munthu ndi komwe angapezeke. "Aphiri a ku sekondale" si dzina lolemba pa samani. Ndiye tengani chiphasocho m'manja, yang'anani chithunzi, yang'anani nkhope, lembani dzina monga momwe lalembedwera ndi nambala yake papepala la mgwirizano, kenako bwezani. Zonsezi sizitha mphindi ziwiri.

Chomwe chafala masiku ano ndi kuchijambula pafoni, kutsogolo ndi kumbuyo, kapena kunena kuti "nditumizireni pa WhatsApp." Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe eninyumba ambiri a mtima wabwino amalakwitsa osadziwa. Foni ya pakhomo imagwiridwa ndi ana, imasiyidwa potchajitsa, imapita kwa okonza, imagulitsidwa. Nambala ya chiphaso ndi yomwe anthu amalembetsera simu khadi, kutsegulira akaunti ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi kutengera ngongole. Chithunzi cha chiphaso chikagwera m'manja mwa tsizinamtole, wovutika ndi mwini dzinalo, yemwe sadzadziwa n'komwe kuti chidatulukira pafoni ya alandilodi. Ngati mwininyumba akhala ku Lilongwe ndipo nyumba ikuyang'aniridwa ndi mlongo wake pachilumba pano, mlongoyo ndiye aone chiphaso ndi maso, alembe nambala, auze mwini wake kuti waona.

Pomwe fotokope ikufunikadi, mwina chifukwa nyumbayo ndi ya bungwe lomwe limasunga mafayilo, wofuna lendi alembe ndi bolopeni modutsa pafotokopeyo kuti ndi ya mgwirizano wa lendi wa nyumba yakutiyakuti, aike tsiku, asayine. Pepala lolembedwa chonchi ndi lovuta kukaligwiritsa ntchito kwina.

Kusunga chiphaso chenichenicho ngati chikole ndi kosayenera m'pang'ono pomwe. NRB yakhala ikuchenjeza anthu za mchitidwe wolanda kapena kusunga ziphaso za anzawo. Munthu wopanda chiphaso chake savutika pa lendi pokha. Amavutika ku banki, pokonzetsa simu khadi yotayika, ngakhale polandira thandizo la boma. Khadi ya ku banki ndi nambala yake yachinsinsi nazo chimodzimodzi. Amenewo ndi machitidwe a akatapila.

Likoma wazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo Cobue ali pafupi kuposa Nkhata Bay. Wofuna nyumba akhoza kukhala wa kutsidya, wodzadikirira wodwala kuchipatala kapena wochita malonda. Ameneyu alibe chiphaso cha NRB, koma ali ndi chitupa cha kwawo, pasipoti kapena chikalata chowolokera malire. Mwininyumba achione monga momwe akanaonera cha Mmalawi, alembe dzina ndi nambala. Kufufuza zoposa apo ndi ntchito ya a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Ndipo ngati mumapempha chitupa kwa wa kutsidya, pemphaninso kwa wa ku Mzimba ndi wa ku Zomba. Kufunsa ena n'kusiya ena chifukwa cha kalankhulidwe kawo ndi pomwe tsankho limayambira.

Peyisilipi: mzere umodzi ndi womwe mukufuna

Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limalamula olemba ntchito kupereka kwa wantchito pepala losonyeza malipiro ake ndi zonse zomwe zadulidwa. Pepalalo lidapangidwira wantchitoyo, kuti adziwe komwe ndalama zake zapita. N'chifukwa chake limaulula zambiri. Pamwamba pali dzina, nambala ya pantchito, giredi ndi mwezi. Pakati pali zodulidwa: msonkho wa MRA, penshoni, ngongole ya ku SACCO, ngongole za mabungwe obwereketsa ndalama omwe amadula malipiro asanafike ku banki, ndalama ya bungwe la ogwira ntchito, inshulansi ya maliro kapena ya chipatala. Pansi pali ndalama yotsala, yomwe imalowadi m'thumba.

Pakati pamenepo ndi pomwe pali moyo wa munthu. Ngongole zitatu zikhoza kukhala za fizi ya ana a malemu achimwene, kapena za matenda a mayi. Mzere wa bungwe la ogwira ntchito umasonyeza kuti munthuyo ndi membala, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, Data Protection Act, limateteza mbiri yotere, makamaka za umoyo, chipembedzo, mtundu ndi maganizo a ndale, zomwe limazitenga kukhala zofunika kusamala kwambiri. Mwininyumba safunikira chilichonse mwa izi kuti adziwe ngati lendi idzalipidwa.

Tiyerekeze chonchi, ndi ziwerengero zongopeka kuti tione kawerengedwe kake. Mayi wina ali ndi nyumba ya zipinda ziwiri chakufupi ndi Mbamba, lendi yake K70,000 pamwezi. Kwabwera aphunzitsi omwe asamutsidwira kuno kuchokera ku Rumphi.

"Aphunzitsi, musandione ngati wovuta. Aliyense wolowa muno ndimamupempha zinthu zitatu: ndione chiphaso, ndione peyisilipi ya miyezi iwiri yapitayi, ndipo mundilole ndifunse kuntchito kwanu ngati mulidi kumeneko. Peyisilipiyo pindani pakati, za ngongole zanu sindikuzifuna. Ndingoona dzina ndi ndalama yomwe mumalandira."

"Palibe vuto, amayi. Koma kuntchitoko mukafunse a hedi okha, musafunse m'sitafu rumu."

Aphunzitsi apinda pepalalo kawiri, mutu wakumana ndi mchira, pakati pabisika. Mayi aja aona dzina, n'kulifananiza ndi la pachiphaso chilembo ndi chilembo. Aona mwezi. Aona kuti malipiro onse ndi K450,000, zodulidwa zonse pamodzi K210,000, yotsala K240,000. Pafoni pawo achotsera: 450,000 kuchotsa 210,000, yatsaladi 240,000. Pepala la mwezi winawo likusonyeza nambala ya pantchito yomweyo ndi ndalama yosasiyana kwenikweni. Abweza mapepala onse awiri, ndipo m'kabuku kawo alemba mzere umodzi: tsiku, "ndaona peyisilipi ziwiri, yotsala ikukwana."

Kukwanako amakuyeza bwanji? Anthu ambiri ochititsa lendi amatsata muyeso woti lendi isapose limodzi mwa magawo atatu a ndalama yomwe munthu amalandira. Si lamulo la boma ayi, ndi chizolowezi chabe, koma chimathandiza. Pa K240,000 gawo limenelo ndi K80,000, ndipo lendi ya K70,000 ili pansi pake. Taonani kusiyana kwake akanayang'ana malipiro onse: gawo limodzi mwa atatu la K450,000 ndi K150,000, chiwerengero chosangalatsa koma chonama, chifukwa ndalama imeneyo aphunzitsi saigwira. Mnzawo wa giredi yomweyo, wolandiranso K450,000, akhoza kumatsala ndi K120,000 yokha ngongole zitadya. Kwa ameneyo lendi ya K70,000 yaposa theka la ndalama zake, ndipo pachilumba pomwe ufa, sopo ndi mafuta ophikira zimachita kubwera pa sitima, mwezi wachitatu usanathe padzakhala kubisalirana.

Apa ndi pomwe pamafunika kudzigwira. Mtima umafuna kufunsa kuti, "Ndalama zonsezi zikupita kuti?" Yankho lake silisintha chiwerengero. Chomwe mwininyumba anganene ndi chakuti, "Aphunzitsi, ndikuona ngati lendiyi ikulemerani. Pali kwina komwe mumapezako kangachepe, kapena alipo yemwe angakuimireni?" Mwina akazi awo amagulitsa kaunjika, mwina akufuna kugawana nyumbayo ndi mnzawo. Akafuna kufotokoza za ngongolezo, afotokoze okha.

Mapeyisilipi achinyengo aliko, ndipo kupereka chikalata chabodza ndi mlandu pa malamulo a milandu a dziko lino. Amagwidwa ndi tinthu ting'onoting'ono: masamu osagwirizana, dzina lolembedwa mosiyana ndi la pachiphaso, nambala ya pantchito yosintha mwezi ndi mwezi, manambala ena ooneka akuda kapena okula kuposa anzawo ngati adachita kumatidwapo. Zonsezi zimaoneka pepala lili lopinda. N'chifukwa chake miyezi iwiri kapena itatu imathandiza kuposa umodzi, ndipo kupempha ya chaka chathunthu n'kungotopetsana. Sitetimenti ya ku banki ndiye yoipirapo, pakuti imasonyeza aliyense yemwe munthu adamutumizira ndalama ndi komwe adagula chilichonse. Ngati peyisilipi ilipo, sitetimenti ilibe ntchito.

Kufunsa kwa abwana

Mwa zinthu zitatuzi, ichi ndi chomwe chingapweteke munthu kwambiri, chifukwa chimalowetsa munthu wachitatu yemwe ali ndi mphamvu pa ntchito yake. Choyamba ndi chilolezo. Wofuna lendi anene yekha yemwe angafunsidwe, ndipo ndi bwino chilolezocho chilembedwe, ngakhale mzere umodzi pansi papepala: "Ndikulola eninyumba kufunsa a hedi a sukulu yakuti ngati ndimagwira ntchito kumeneko." Olemba ntchito nawo amamangidwa ndi lamulo lomwelo la 2024. Ofesi yodziwa ntchito yake siiulula malipiro a wantchito kwa munthu wongoimba foni, ndipo ikakana musakhumudwe, ikuchita bwino.

Mafunso ake ndi awiri, mwina atatu. Kodi akutiakuti amagwira ntchito kuno? Ntchito yawo ndi yokhazikika kapena ya kontirakiti? Ngati ndi ya kontirakiti, ikutha liti? Funso lomalizali ndi lofunika pa Likoma, pomwe ena amabwera ndi pulojekiti ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ntchito ya m'malo ogona alendo imachepa nyengo ya dzinja. Podziwa izi mwininyumba amalemba mgwirizano wa nthawi yolingana ndi ntchitoyo. Zoti munthuyo amamwa, ali ndi chibwenzi, adasamutsidwa chifukwa chiyani, amajomba kangati, si za mwininyumba. A hedi akayamba okha kuzifotokoza, ndi bwino kuwadula mwaulemu: "Zikomo bwana, ine ndimangofuna kutsimikiza kuti ali pantchito."

Nambala yomwe mwapatsidwa ikhoza kukhala ya mnzake wa wofuna nyumbayo, wokonzeka kuyankha kuti "ee, ndine bwana wake." M'tauni limeneli ndi vuto lalikulu. Kuno mwayi ulipo: chilumbachi ndi chaching'ono, ndipo sukulu, polisi, chipatala ndi ofesi ya DC zimafikika ndi miyendo kapena pa njinga yamoto. Pitani, pemphani kuonana ndi munthu yemwe mwauzidwa, lankhulani naye m'ofesi chitseko chili chotseka. Kufunsira pakhomo la tchalitchi Lamulungu mapemphero atatha, anthu atazungulira, n'kulengeza.

Pali chinthu chinanso chomwe chimaiwalika. Nambala ija mudapatsidwa kuti mutsimikize za ntchito, tsiku limodzi lomwelo. Lamulo la 2024 limati mbiri ya munthu yotengedwa pa cholinga china isagwiritsidwe ntchito pa cholinga chosagwirizana nacho. Ndiye lendi ikachedwa masiku asanu, kuimbira a hedi kapena a OC kuti "mwana wanu sakundilipira" n'kupatuka pa zomwe mudagwirizana. Kumachititsa munthu manyazi pantchito, ndipo kawirikawiri sikubweretsa ndalama, popeza abwana sangangodula malipiro a munthu chifukwa choti mwininyumba wadandaula. Ngati mukufuna kuti kuntchito kudzakhale njira yotumizira kalata munthu akasowa, lembani zimenezo mumgwirizano poyamba, wofuna lendi aone, avomere. Pamene ofesi yeniyeniyo ndi yomwe ikuchita lendi m'malo mwa wantchito wake, nkhani ndi ina: mgwirizano uli pakati pa inu ndi ofesiyo, ndipo peyisilipi ya wokhalamo simukuifunanso.

Opanda peyisilipi

Mwininyumba woumirira peyisilipi pa Likoma adzabweza anthu ambiri olipira bwino. Msodzi wa usipa alibe. Mayi wogula nsomba kukagulitsa kumtunda alibe. Mmisiri wobwera kudzamanga alibe. Ngakhale namwino kapena mphunzitsi wongolembedwa kumene amatha kugwira miyezi ingapo asanalowe pa mndandanda wa malipiro a boma; chomwe ali nacho m'chikwama potsika sitima ndi kalata yomulemba ntchito ndi yomutumiza kuno. Makalata amenewo akuyankha funso la komwe amagwira. Pa funso la ndalama, kambiranani poyera: malipiro akuyembekezeka liti, ndipo pakadali pano akumuthandiza ndani?

Kwa wa bizinesi, umboni wabwino kuposa wonse ndi malisiti a lendi a komwe akuchokera, kapena nambala ya mwininyumba wake wakale, yoperekedwa ndi iye mwini. Munthu yemwe adalipira miyezi khumi ndi iwiri mosadumphitsa wasonyeza chomwe peyisilipi siingasonyeze. Njira ina ndi kulipiriratu miyezi iwiri kapena itatu, monga zimachitikira m'matauni, ndipo kwa msodzi zimenezi zimagwirizana ndi kapezedwe kake, poti ndalama imabwera yambiri nthawi imodzi kenako mwera n'kutseka nyanja. Njira yachitatu ndi womuimira, munthu wodziwika pachilumba yemwe wasayina kuti adzalipira mnzakeyo akalephera. Womuimirayo auzidwe bwinobwino kuti akusenza ngongole ya mwini wake, asaganize kuti akungochitira umboni. Sankhani njira imodzi kapena ziwiri. Kufuna zonse nthawi imodzi, dipoziti, miyezi itatu, womuimira, malisiti ndi kalata ya amfumu, pa nyumba ya zipinda ziwiri, n'kumuuza munthu kuti simukumufuna.

Mafunso osafunsa

Gawo 20 la Malamulo Aakulu limaletsa kusankha anthu chifukwa cha mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, komwe munthu adachokera kapena ulumali. Lamulo la 2013 la Gender Equality Act limaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna, komanso kumuvutitsa pa nkhani zogonana. Lamulo la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limateteza chinsinsi cha momwe magazi a munthu alili ndipo limaletsa kumusala.

Vuto n'lakuti kwathu kuno mafunso ambiri otere amabwera ngati moni. "Kwanu n'kuti? Mumapemphera kuti? Abambo ali kuti?" Pachilumba chomwe mbiri yake idalukana ndi mpingo wa Anglican kuyambira nthawi ya amishoni a UMCA, pomwe tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela chimaonekera kutali, funso la kopemphera limatuluka lokha, popanda choipa mumtima. Koma likafunsidwa makiyi asanaperekedwe, kwa Msilamu wa ku Mangochi kapena wa Mboni, limamveka ngati mayeso. Ndipo nyumba ikakanizidwa pambuyo pake, ngakhale pa chifukwa china, iye adzakhulupirira kuti chamugwetsa ndi yankho lija. Malangizo anga ndi osavuta: macheza amenewo adikire. Mgwirizano ukasayinidwa, mudzafunsana za kwanu ndi za kutchalitchi mpaka kukhuta.

Funso loti mukhalamo anthu angati ndi lololedwa, chifukwa likukhudza chimbudzi, madzi, mita ya magetsi ndi kukula kwa nyumba. Yankho lake ndi chiwerengero: akuluakulu awiri, ana atatu. Setifiketi ya ukwati siikufunika. Namwino wosakwatiwa asafunsidwe kuti azimuchezera ndani, funso lomwe mwamuna wosakwatira safunsidwa. Ngati pali malamulo a pakhomo, monga za phokoso usiku, kuumika nsomba pabwalo kapena kugulitsa mowa, alembedwe mumgwirizano ndipo akhale a aliyense. Munthu akapempha nyumba ya pafupi ndi chipatala, chifukwa chake ndi chake.

Wofuna lendi akakumana ndi funso lotere sayenera kukwiya kapena kunama. Akhoza kungoti, "Amayi, zimenezo tidzacheza ndikakhazikika, panopa ndikuonetseni zokhudza lendi." Akhozanso kufunsa mafunso ake, chifukwa chinyengo chimachokera mbali zonse. Munthu yemwe ali ku Mzuzu, wosamutsidwira ku Likoma, amafuna kupeza nyumba asanakwere sitima, ndipo pomwepo ndi pomwe wina amamuuza pafoni kuti "tumizani chiphaso ndi dipoziti, nyumba ndi yanu." Asatumize kanthu mpaka mnzake wa kuntchito yemwe ali pachilumba kale atapita kukaona nyumbayo ndi mwini wake. Wopempha chiphaso cha mnzake akhale wokonzeka kuonetsa chake.

Zomwe mwalembazo zikhale kuti

Lamulo la 2024 lidapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka mbiri za anthu. Mfundo zake zazikulu ndi zomwe takhala tikuyendamo: tengani zokhazo zofunika, nenani cholinga chake, sungani mosamala, ndipo musasunge kupitirira nthawi yofunikira. Mwini mbiriyo ali ndi ufulu wofunsa zomwe mukusunga za iye, kukonzetsa zolakwika ndi kupempha kuti zifufutidwe. Kulembetsa ku MACRA kudaikidwira mabungwe osunga mbiri za anthu ochuluka, ndipo mayi uja wa nyumba ya zipinda ziwiri ku Mbamba sali m'gulu limenelo. Lamuloli silikhudza zomwe munthu amasunga pa zochitika za m'banja mwake, koma kuchititsa lendi ndi bizinesi, ndipo ine sindingamulangize mwininyumba kubisala kumbuyo kwa mpata umenewo.

Pochita zake, izi zikutanthauza kabuku kamodzi kapena envulopu imodzi, yosungidwa m'sutikesi kapena m'kabati yokiya. Pakabwera anthu atatu kudzaona nyumba ndipo mwatenga mmodzi, zomwe mudalemba za awiri enawo zing'ambidwe kapena zitenthedwe sabata yomweyo, ndipo zithunzi zilizonse zomwe adatumiza zifufutidwe pafoni, m'macheza a WhatsApp ndi momwe foni imasungira zithunzi momwe. Za yemwe walowa zikhale mpaka atatuluka, mita itawerengedwa, dipoziti itabwezedwa. Ngati watuluka ndi ngongole, sungani mgwirizano ndi kabuku ka malisiti, chifukwa ndi zomwe majisitireti adzafune kuona. Kuika chithunzi cha chiphaso chake pa gulu la WhatsApp la m'mudzi kuti "wakuba uyu" kungasandutse mwini ngongole kukhala woyankha mlandu.

Ndipo pali kusunga kwina komwe kulibe loko. Amuna anu, akazi anu, mlamu wanu yemwe amagulitsa pamsika, onse adzafunsa kuti, "Aphunzitsi aja amalandira zingati?" Mwininyumba yemwe adangoona pepala lopinda n'kulemba kuti "ikukwana" ali ndi zochepa zoti angaulule.

Wochita lendi yemwe mbiri yake yafalitsidwa ayambe ndi kulankhula ndi mwininyumba, makamaka pamaso pa mboni imodzi, n'kupempha kuti mapepala ake abwezedwe ndi zithunzi zifufutidwe. Zikakanika, nyakwawa kapena a mpingo amatha kukhazika anthu pansi, ngakhale kuti pa nkhani ya chinsinsi ndi bwino kupempha kuti ikambidwe m'nyumba, isapite pabwalo. Chiphaso chikalandidwa, kapena dzina lake likagwiritsidwa ntchito potenga ngongole kapena simu khadi, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi tsiku lomwelo. Dandaulo la kasungidwe ka mbiri limapita ku MACRA, la tsankho ku Malawi Human Rights Commission, ndipo poti maofesi amenewa ali kumtunda, kalata ndi yomwe imayenda: ikhale ndi tsiku lomwe zidachitika, zomwe zidapemphedwa, yemwe adazimva kapena kuziona, ndi mauthenga a pafoni ngati alipo, osafufutidwa.